Ndasindikiza kale malebulo 300 kenako ndapeza wina ali ndi dzina langa, nditani?

Singano22

Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo chifukwa mutu waima. Ndimasoka zikwama, zambiri ndi zoberekera kumsana za ana asukulu komanso zam'manja za azimayi, ndatha chaka ndi miyezi ndikugulitsa popanda dzina, anthu amangoti kwa mayi a zikwama aja. Ndiye mwezi watha ndinati basi ndikhale ndi dzina, ndinasankha Mbambande, ndinapangitsa malebulo 300 osokerera pachikwama, peji ya Facebook ndinatsegulanso. Dzulo kasitomala wanga wandifunsa kuti bwanji simunandiyankhe meseji, ine ndati meseji iti, kuona pafoni yake walembera peji ina yokhala ndi dzina lomweli, kungoti iwo anawonjezera kamawu kumapeto, ndipo akugulitsanso zikwama. Peji yawo inatsegulidwa zaka 4 zapitazo. Malebulo ndasokerera kale pa zikwama 40. Ndipitirize kapena ndisinthe? Ndipo ndikasintha ndidziwa bwanji kuti dzina latsopanolo lilibe mwini?

Bwana_Mkubwa

Osasintha mayi. Thamangani mawa lomwe kukalembetsa dzinalo ku ofesi yolembetsa mabizinesi, mukangotenga satifiketi dzina ndi lanu, enawo ndi amene adzasinthe. Peji ya Facebook si umboni wa chilichonse, aliyense amatsegula.

Kadzidzi

Mbambande kkkk mayi inu, dzina limeneli ndaliona pa saluni, pa galaja, pa minibasi, ngakhale pa shopu ya mabokosi a maliro. Mukanangofunsa kaye

Singano22

A Kadzidzi madzi akatayika saoleka, ndithandizeni za kutsogoloku.

Mlembi_wakale

Pepani mayi. Ine ndinagwirako ntchito yothandiza anthu kulembetsa mabizinesi kwa zaka zingapo ndiye nkhani ngati yanuyi ndaiona kambiri. Zimene anena a Bwana_Mkubwa zili ndi mbali yoona koma zikhoza kukugwetserani m'dzenje, ndiye ndifotokoze pang'onopang'ono.

Anthu ambiri amaona ngati dzina limalembetsedwa malo amodzi basi nkhani yatha, koma pali mabuku awiri osiyana ndipo nthawi zambiri sayang'anizana. Buku loyamba ndi la mabizinesi ndi makampani. Kumeneko boma limangofuna kudziwa kuti bizinesi yakutiyakuti mwini wake ndani, ili kuti, kuti pakakhala ngongole kapena msonkho adziwe wogwira. Kalaliki amayang'ana ngati m'buku lakelo muli kale dzina lofanana ndi lanu, ngati mulibe amakupatsani satifiketi. Sakayang'ana pamsika kuti kodi pali wina amene akugulitsa zikwama ndi dzina limeneli, si ntchito yake.

Buku lachiwiri ndi la zizindikiro za malonda, zimene maloya amati tiredimaki. Limeneli ndi limene limakupatsani mphamvu youza munthu wina kuti siya kuika dzina ili pa zikwama. Ndiye zimatheka ndithu kukhala ndi satifiketi ya bizinesi m'manja, yosainidwa ndi chidindo chomwe, koma nkulandira kalata ya loya yoti chotsani dzinalo pakatundu wanu, chifukwa wina analilembetsa m'buku lachiwirilo. Satifiketi yanu ija siikutetezani pamenepo.

Ndiponso m'maiko ambiri munthu amene wakhala akugulitsa ndi dzina kwa zaka, makasitomala akumudziwa nalo, amatha kudandaula kukhoti kuti wina akudziyerekeza ngati ine, ngakhale sanalembetse paliponse. Peji ya zaka 4 yokhala ndi zithunzi ndi madeti ndi umboni ndithu. Ndipo inu umboni woti anthu akusokonezeka mwauona kale ndi maso, kasitomala wanu yemwe walembera kwina.

Bwana_Mkubwa

Akulu ndikumva koma ine ndinalembetsa yanga 2019 ndipo palibe wandivutitsapo. Amene wayamba kufika ku ofesi ndiye mwini, ndi momwe ndimadziwira ine.

Mlembi_wakale

Kuti palibe wakuvutitsani zikungoonetsa kuti simunawombane ndi munthu, mwina dzina lanu ndi lachilendo. Zoti woyamba kufika ndiye mwini, pa tiredimaki pali maiko amene amayendera zimenezo, ena ngati Amereka amayang'ana kwambiri amene anayamba kuligwiritsa ntchito pamalonda. Koma tiyerekeze kuti mayiwa apambana, atenga mapepala onse. Maoda awo azipitabe kwa anthu aja chifukwa munthu akalemba dzinalo pafoni peji yakale yokhala ndi otsatira ambiri ndi imene izibwera pamwamba. Pepala silisintha zimenezo.

Nangozo

Ine ndimati dzina labwino ndi la mwana wako. Ine shopu yanga ndinaitcha dzina la mwana wanga woyamba ndipo madalitso ake ndi osaneneka. Mayi muli ndi ana? Ingoikani dzina la wamkuluyo.

Kadzidzi

A Nangozo nanga wachiwiri ndi wachitatu akakula sadzafunsa kuti ife tinalakwanji? kkkk

Nangozo

Wachiwiri ndinamutchulira njinga yamoto ya kabaza, musandiderere

Mpanga_sopo

Mayi Singano mverani ine amene zinandichitikira. Ine ndimapanga sopo wamadzi. Ndinali ndi dzina lofanana ndi kampani ina yaikulu, kusiyana chilembo chimodzi chokha, iwo K ine C, ndipo ndinkadziwa, ndinkati chilembo chimodzicho chindipulumutsa. Ndinagulitsa zaka ziwiri bwinobwino mpaka tsiku limene sitolo ina yaikulu inavomera kuika sopo wanga pashelefu. Sipanathe mwezi kalata inabwera, anandipatsa masiku 14. Sitolo ija itangomva inabweza katundu yense, sinafune kulowa m'nkhani. Ndinakhala pansi ndi mlamu wanga kumatula masitika pa mabotolo oposa 600 ndi madzi otentha, zala kuchita kutuwa. Chimene chinandipweteka kwambiri si masitika ayi, ndi makasitomala amene ankaona ngati sopo uja anasiya kupangidwa, ena ankati watsopanoyu ndi wachinyengo pomwe ndi yemweyo wochokera m'chidebe chomwecho. Inu zikwama 40 ndi mwayi, tengani lezala musosole lero.

Singano22

Eee achimwene mwandiopseza koma zikomo. Chabwino ndavomera kusintha. Usiku wonse ndimaganiza maina, ndatsala ndi atatu: Zikwama Zolimba, Fulu, ndi Chigoba. Fulu chifukwa amayenda atabereka nyumba yake kumsana ngati mwana wasukulu, ndipo chigoba chake sichisweka wamba. Mukuona bwanji?

Kadzidzi

Fulu ndakana, wachingerezi akamva adzaona ngati mukuti chitsiru. Komanso makolo adzati mwana azichedwa kusukulu

Mlembi_wakale

Zikwama Zolimba lichotseni poyamba. Limamveka bwino chifukwa likunena chimene mukugulitsa, koma vuto lake ndi lomwelo. Mawu amene akungofotokoza katundu ofesi ya tiredimaki imawakana, chifukwa wosoka zikwama aliyense ali ndi ufulu wonena kuti zikwama zake ndi zolimba, sangakupatseni inu nokha. Mbambande nalonso linali ndi matenda omwewa, ndi mawu ongotamanda katundu, nchifukwa chake a Kadzidzi aliona paliponse. Mawu oterewa aikeni pansi pa dzina ngati kachiganizo kokopera anthu, koma asakhale dzinalo.

Maina amphamvu amakhala a mitundu iwiri. Pali ongopeka, ngati Kodak, limene George Eastman analipanga yekha mu 1888, silinkatanthauza kanthu m'chilankhulo chilichonse ndiye panalibe wolimbirana naye. Ndiye pali mawu enieni koma osakhudzana mwachindunji ndi katunduyo, kapena ongokumbutsa patali. Fulu ndi Chigoba ali m'gulu limeneli, munthu amayenera kuganiza kaye pang'ono kuti aone kugwirizana kwake ndi chikwama, ndipo zimenezo ndi zabwino.

Dalaivala_7

Koma pa Fulu samalani, kuli kampani ya ku Italy yotchedwa Furla, inayamba 1927 ku Bologna, imapanga zikwama zam'manja zodula. Mkazi wanga amazisirira pa intaneti daily. Ife l ndi r timangosakaniza ndiye Fulu, Furu, Furla, sizikutalikirana kwenikweni.

Bwana_Mkubwa

Aaa ayise kampani ya ku Italy ingalimbane ndi mayi wa makina amodzi? Mukukokomeza

Mlembi_wakale

Pamenepa ine sindingagamule, ndikuona ngati mainawa ndi osiyana mokwanira, lina ndi mawu okhala ndi tanthauzo lake ndipo mathero ake akumveka mosiyana, koma loya wina akhoza kuona mwina. Chimene a Dalaivala achita bwino ndi kaganizidweko. Pofufuza musamafunse kuti kodi zilembo ndi zofanana ndendende, muzifunsa kuti munthu wogula mothamanga, amene anangomva dzinali kamodzi kwa mnzake, angasokonezeke? Amayang'ana kamvekedwe, kaonekedwe ndi tanthauzo. Nchifukwa chake K ndi C wa a Mpanga_sopo sanathandize, pakamwa ndi dzina limodzi.

Tsopano kafufuzidwe. Titenge Chigoba. Musanatsegule foni lembani papepala njira zonse zimene munthu angalilembere molakwika: Chigoba, Chigowa, Chikoba, Cigoba, Chi Goba, Zigoba. Zonsezi muzifufuza, osati loyamba lokha.

Yambani ndi Google, dzinalo muliike pakati pa zizindikiro zogwira mawu kuti isakubweretsereni zongofanana nazo, ndipo muwonjezere katundu wanu:

```
"chigoba" zikwama
"chigoba" bags
```

Musathere pa peji yoyamba, pitani mpaka yachitatu, ndipo muonenso mbali ya zithunzi ndi ya mapu chifukwa timashopu tambiri tilibe webusayiti koma tili pa mapu. Kenako mulowe mu Facebook, Instagram ndi TikTok mufufuzire momwemo mkati, chifukwa Google siona zonse za mmenemo. Apa ndi pamene mukanawapezera anthu a Mbambande aja pa mphindi ziwiri.

Mukatha apo pitani ku buku la mabizinesi la dziko lanu. Maiko ambiri masiku ano ali ndi pofufuzira pa intaneti, ena mumalemba fomu kupempha kuti akufufuzireni, ndipo kawirikawiri amalola kusungitsa dzina kwa masiku angapo pamene mukukonza mapepala. Perekani maina awiri kapena atatu nthawi imodzi kuti lina akalikana musayambirenso mzere.

Chomaliza ndi buku la tiredimaki. Bungwe la WIPO, loona za tiredimaki ndi zina zotero padziko lonse, lili ndi pofufuzira paulere, `branddb.wipo.int`, mukhoza kulemba dzina kapenanso kuika chithunzi cha logo kuti muone zofanana nacho. Koma chenjerani, si maiko onse amene mabuku awo ali mmenemo, ndiye kusapeza kanthu pamenepo sikutanthauza kuti njira yayera. Ofesi ya dziko lanu ndi imene ili ndi mawu omaliza.

Singano22

Ndalowa pa WIPO paja kungoyesa ndi mawu ena, zikutuluka zambirimbiri ndipo pambali pali manambala, ena 18 ena 25 ena 9. Ndi chani chimenechi? Ndiye kuti ndikapeza dzina langa paliponse basi lafa?

Mlembi_wakale

Ayi silinafe. Manambalawo ndi makalasi a katundu. Maiko anagwirizana mumzinda wa Nice ku France mu 1957 kugawa malonda onse m'magulu, panopa alipo 45, kuyambira 1 mpaka 34 ndi katundu, 35 mpaka 45 ndi ntchito zothandiza anthu. Zikwama zili mu 18 limodzi ndi zinthu zachikopa ndi maambulera. Zovala, nsapato ndi zipewa zili mu 25. Munthu akalembetsa dzina amalilembetsa pa katundu wakutiwakuti, satenga mawuwo pa dziko lonse la malonda. Nchifukwa chake ku Amereka kuli Delta ya ndege komanso Delta yopanga mipope ya m'bafa, makampani osiyana, ndipo palibe amapita kukagula mpope nkubwerako ndi tikiti.

Ndiye mukapeza Chigoba pa simenti kapena pa inshuwalansi musadandaule. Mukachipeza mu 18 siyani. Mukachipeza mu 25 kapena kwa wogulitsa m'sitolo mu 35, imani kaye muganize, chifukwa zikwama ndi zovala zimagulitsidwa shopu imodzi, wogula akhoza kuona ngati ndi kampani imodzi. Nambalayo ndi yongothandiza kusanja, chimene amayang'ana kwenikweni ndi kuyandikana kwa katunduyo. Muonenso ngati cholembetsacho chili chamoyo, m'maiko ambiri tiredimaki imakhala zaka 10 kenako mwini amayenera kuikonzanso, zina mudzapeza zinatha kalekale. Komabe kutha papepala sikutanthauza kuti mwiniyo anatseka shopu, mufufuzeni.

Dzina lotchuka kwambiri lokha ndiye musaliyandikire ngakhale kalasi ikhale yosiyana bwanji.

Mphunzitsi_T

Ndiwonjezere pa nkhani ya makalasiyi, muziganizanso za komwe bizinesi ikupita. Apple ya makompyuta inasumiridwa mu 1978 ndi Apple Corps, kampani ya oimba a Beatles. Anagwirizana kuti wina akhale ku makompyuta wina ku nyimbo, koma makompyuta atayamba kuimba nyimbo nkhani inabukanso, anakokanakokana mpaka 2007. Mayi lero mukusoka zikwama, mawa mudzafuna kusoka mayunifolomu, ndiye 25 ija muiyang'anitsitse panopa. Ndi chifukwa chinanso chokanira Zikwama Zolimba, mudzaliika bwanji pa diresi?

Nangozo

Zonsezi ndi za anthu olemera. Ife agogo athu ankachita malonda opanda ma Nice amenewa

Kadzidzi

Agogo anu analibe peji ya Facebook yoti kasitomala asochere

Dalaivala_7

Pomwe tili pa zikwama, mayi mumasokanso zoika laputopu? Changa zipi inaduka ndipo osoka awiri akanika kuika ina, akuti nsaluyo ndi yolimba singano ikuthyoka

Singano22

Ndimasoka, imafuna singano yaikulu nambala 18 kapena 110 ndi ulusi wa nayiloni, akugwiritsa ntchito ya malaya nchifukwa chake. Ndilembereni kumbali tisasokoneze nkhani.

Cholembera_Chakuda

Ndafika mochedwa koma ine ntchito yanga ndi yojambula ma logo ndiye ndilankhule mbali imeneyo. Choyamba musalipire aliyense kujambula dzina lisanadutse zonse anena a Mlembi, ndajambulapo ma logo okongola amene anathera mufoda chifukwa dzina linakanidwa.

Chachiwiri, logo yanu malo ake enieni ndi kalebulo ka masentimita 2 kapena 3 pachikwama, osati chikwangwani. Ndiye yambirani pamenepo. Makasitomala ambiri amabwera ndi maganizo oti pakhale fulu, wabereka chikwama, kumbuyo dzuwa likutuluka, pansi singano ndi ulusi, mitundu isanu. Pa sikirini ya laputopu zimaoneka bwino, koma zikapita pa makina opeta zimasanduka chibulumwa, timizere tating'ono ulusi umatimeza, ndipo zilembo zochepera mamilimita 5 kutalika zimatsekeka mabowo, a amaoneka ngati o. Mtundu uliwonse wowonjezera ndi ulusi wina kapena inki ina, osindikiza amawerengera.

Kwa Chigoba ine sindingajambule nkomwe fulu yense. Ndingatenge chigoba chokha ngati theka la bwalo, mkati mizere itatu kapena inayi yokhuthala yopanga timagawo tija, pansi dzina m'zilembo zonenepa zosapiringizika. Mtundu umodzi. Kuyesa kwake ndi kophweka, sindikizani yakuda pa pepala loyera kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu, muike patebulo muimirire. Ngati ikuwerengeka ndiye yakhoza. Muyesenso yoyera pa nsalu yakuda chifukwa zikwama zanu si zamtundu umodzi. Ndipo muiike pa chithunzi cha WhatsApp muone, paja amadula mozungulira, logo yaitali chopingasa imatsala pakati pokha, ndiye pafunika ma logo awiri, ina yokhala ndi dzina ina chigoba chokha.

Chizindikiro cha Nike chija ndi kamzere kamodzi kokhota, anajambula ndi mtsikana wapasukulu Carolyn Davidson mu 1971 nkulipidwa madola 35. Mwana wa zaka 6 akhoza kuchijambula pamchenga, yanunso izitheka choncho.

Bwana_Mkubwa

Kulipira wojambula nkutaya ndalama masiku ano, pali ma apu aulere, umasankha kachithunzi kulemba dzina basi. Yanga ndinapanga mphindi 10.

Cholembera_Chakuda

Bwana poyambira sizoipa, ndipo kulemba dzina lokha ndi fonti yabwino pa apu kumaposa logo yodzaza zinthu. Vuto ndi kachithunzi kosankhako. Mkango umene munasankha inuwo anthu ena masauzande anasankhanso womwewo, ndipo mukawerenga malamulo a ma apu ambiri amanena poyera kuti zithunzi zawo simungazilembetse ngati tiredimaki yanu, chifukwa si zanu, angokubwerekani. Tengani logo yanuyo muiike pa Google Lens kapena TinEye muone abale ake.

Bwana_Mkubwa

Mwadziwa bwanji kuti ndi mkango

Kadzidzi

kkkkkkk nthawi zonse umakhala mkango, ukapanda mkango ndi chiwombankhanga

Cholembera_Chakuda

Ndangoponya. Mayi Singano, ngati mulemba ntchito wojambula mupemphe zinthu izi tsiku lolipira lisanafike. Fayilo ya SVG kapena PDF imene mizere yake simaphwanyika ngakhale muikulitse kufika pa khoma, chifukwa JPG yotumizirana pa WhatsApp imafinyidwa, mukaikulitsa imaoneka timabokosi ndipo osindikiza adzakulipiritsani kuijambulanso. Pakhalenso PNG yopanda mtundu kumbuyo. Akuuzeni dzina la fonti ndiponso ngati ndi yololedwa pa malonda, zambiri zotsitsa ulere zimaloledwa pa zinthu za pakhomo zokha, koma za pa Google Fonts mukhoza kugwiritsa ntchito pa bizinesi. Akupatseninso nambala ya mtundu, mwachitsanzo `#1B4D3E`, kuti wosindikiza aliyense asamabweretse girini wakewake.

Ndipo ichi anzanga ojambula sakonda ndikamanena, m'maiko ambiri chojambula chimakhala cha wojambulayo ngakhale mwamulipira, pokhapokha atalemba kuti wakupatsani umwini. Tsamba limodzi lokwanira, lonena kuti ine wakuti ndapereka umwini wonse wa logo iyi kwa wakuti, deti, kusaina. Ngati mukufuna kuyesa nokha pulogalamu yojambulira ya Inkscape ndi yaulere ndipo imatulutsa SVG, theka la bwalo ndi mizere inayi mukhoza kukwanitsa Loweruka limodzi.

Mpanga_sopo

Za fayilozi ndi zoona, amene anandijambulira yachiwiri anasintha nambala ya foni, ndinatsala ndi kachithunzi kamene ndinachita kujambula pa sikirini

Mphunzitsi_T

Nanga ka R kozungulira kaja, mayiwa akhoza kuika pa lebulo kuti anthu aziopa?

Mlembi_wakale

Asaike. ® imanena kuti chizindikirocho chinalembetsedwa kale m'buku la tiredimaki, kuika musanalembetse m'maiko ambiri ndi mlandu. ™ ndi imene anthu amaika pongosonyeza kuti ili ndikulitenga ngati dzina langa la malonda, koma payokha siikupatsani mphamvu. Ndipo kulembetsa sikutha tsiku limodzi, ofesi imaunika kaye kenako imalengeza poyera kwa masabata kapena miyezi ingapo kuti amene ali ndi dandaulo abwere, ndiye musadabwe chaka chikatha. Ine ndimalangiza kulembetsa dzinalo ngati mawu poyamba, chifukwa logo mudzasintha mukatopa nayo koma dzina limakhala.

Cholembera_Chakuda

Apo tisiyane pang'ono akulu, kwa makasitomala amene sawerenga bwino chimene amagwira ndi chithunzi, okopera amakopera chigobacho nkulemba dzina lina pansi. Ine ndikanakhala ndi ndalama ya chimodzi ndikanaganiza kawiri.

Mlembi_wakale

Mfundo ndaimva, pa zikwama mwina muli ndi zoona. Zimatengera amene akugula.

Singano22

Ndabwera ndi malipoti. Ndinaimbira anthu 6, aliyense ndinamuuza dzina kamodzi pafoni kuti andilembere pa meseji. Chigoba analemba bwino 5, mmodzi analemba Chigowa. Fulu awiri analemba Furu, mmodzi anafunsa kuti fulu chani, fulu thanki? Ndiye Fulu ndamusiya, a Kadzidzi sekani. Mchemwali wanga akuti Chigoba chimamukumbutsa chigaza, akuti si dzina loika pa katundu wa ana, koma ndi yekhayo wanena. Pa Google ndi pa Facebook ndafufuza malembedwe onse aja sindinapeze wa zikwama kapena zovala. Ku ofesi ya mabizinesi ndatumiza maina awiri, ndikudikira. Ku ya tiredimaki sindinafikeko.

Dalaivala_7

Gwiranitu dzinalo pa Instagram ndi TikTok lero lomwe ngakhale musaikepo kanthu, ndi ulere, ndipo likhale lolembedwa chimodzimodzi ponseponse. Domeni, kutanthauza adiresi ya webusayiti, muonenso pa `lookup.icann.org`, ngati ya .com inatengedwa musalire, onani kaye amene anaitenga akuchita nayo chani, ambiri amangoisunga kuti adzagulitse. Mukhoza kuwonjezera mawu oti zikwama kumapeto. Koma kukhala ndi domeni si umwini wa dzina, ndi lendi chabe ya chaka ndi chaka.

Kadzidzi

Gwirani msanga chifukwa mwalitchula pagulu la anthu ambirimbiri, a Bwana_Mkubwa ali kale pa mzere ku ofesi ndi mkango wawo

Bwana_Mkubwa

Mkango ndauchotsa. Ndinauika pa Lens paja ndapeza uli pa sukulu ya mkaka, kampani ya alonda ndi timu ya mpira. Koma zoti satifiketi yanga ilibe ntchito sindikuvomerabe

Mlembi_wakale

Ntchito ili nayo bwana, kubanki ndi ku msonkho amafuna yomweyo. Mayi, malebulo atsopano musaodetu 300. Dikirani yankho la ofesi, ndipo kufufuza kwa tiredimaki mu 18 ndi 25 kukachitike musanapite kwa osindikiza. Ngati zikwama zikuyenera kutuluka sabata ino zitulutseni ndi kapepala komangirira ndi ulusi kokhala ndi nambala ya foni yokha.

Nangozo

Ine ndikuonabe kuti dzina la mwana linali bwino. Nanga malebulo 260 otsalawo mutani nawo?

Singano22

Ndimaganiza zowalembera anthu a peji ija kuti mwina angawagule, dzina ndi lawo kale kkk. Koma mwina ndikhala ngati ndikudziulula ndekha. Panopa ndili pa chikwama cha nambala 23 ndi lezala, ndinasokerera ndi ulusi wa nayiloni kubwereza kawiri ndiye chikuchedwa, ziwiri ndaboola kale nsalu. A Cholembera mizere ya pachigoba ija mumati itatu kapena inayi? Ndajambula pa katoni inayi ikuoneka ngati mpira wa miyendo.